Madiresi Amene Wotchi Sanawakhudze

Mwana wa mlongo wanga anabadwa pa tsiku lenileni limene anamwino analemba pa khadi. Ine ndimati anatuluka akuyang'ana padzanja, n'kufunsa azamba chifukwa chimene madzi anachedwera kuwira. Dzina loti Wotchi ndinamupatsa ndine asanayambe n'kukwawa komwe, ndipo linamukakamira mpaka la pa satifiketi tinaliiwala.

Amayi ake anali telala. Anali ndi kashopu kopanikizika pakati pa wometa ndi wokonza mafoni, kochepa moti kasitomala wonenepa akalowa, ine ndinkayamba ndatuluka kuti mpweya ukwane. M'katimo munali tebulo lodulirapo nsalu, simbi, galasi losweka pakona, ndi makina akuda opalasa ndi mapazi amene chitsulo chake chopondapo chinali chitasalala ngati sopo. Wotchi anakulira pansi pa tebulo limenelo akutola mapini. Mlongo wanga atatisiya, mwanayo anangokwera pampando n'kupitiriza msoko umene amayi ake anausiya pakati.

Inu mukuwadziwa atelala. Telala akakuuzani kuti Lachisanu, mufunse kuti la chaka chiti. Tsidya la msewu kunali mmodzi amene tonse tinkamutcha a Bweranimawa. Ndikulumbira, munthu wina anawasiyira nsalu ya suti ya ukwati wake, n'kudzaitenga pa ukwati wa mdzukulu. Koma Wotchi ayi. Akati Lachisanu, Lachinayi madzulo chovala chinali chitasitidwa, chili pa hang'ala, chikukudikirani ndi nkhope yokwiya. Analibe galimoto, analibe nyumba yakeyake, mwamuna anabwera n'kupita ngati chimfine. Chuma chake chinali chimodzi: mawu ake. Anthu ankati, "Wanena ndi Wotchi," nkhani n'kuthera pomwepo.

Ine ntchito yanga nditapuma inali kukhala pa benchi ya pakhomo pake, kulondera mphepo kuti isalowe yopanda chilolezo.

Kenaka ntchito inayamba kuuma. Zovala zosokasoka zinadzaza m'misika, zotchipa kuposa nsalu yopanda kusoka. Anthu ankabwera kwa Wotchi ndi zipi yothyoka, kapena buluku loti alifupikitse. Oda yaikulu inatsala imodzi pachaka: madiresi achikasu a atsikana a sukulu ya mkaka, ovina pa tsiku lotsanzikana. Mwini sukuluyo, amene tonse timangoti Mayi Aphunzitsi, anali mnzawo wa malemu mlongo wanga kuyambira ali mbeta, ndipo oda imeneyo sinapitepo kwa telala wina.

Tsiku lina ndinapeza makina ali zii, Wotchi maso ali pa foni. Pa foni panali mnyamata wa mano oyera ngati mbale zatsopano, atatsamira galimoto yaitali kuchokera pano mpaka kuchipatala.

"Ameneyu akugulitsa mano kapena galimoto?" ndinafunsa.

"Amalume, khalani pansi ndikuphunzitseni. Izi amati dropushipingi."

"Matenda a nkhuku?"

"Malonda. Ndimatsegula shopu pa intaneti. Ndimaikapo zithunzi za madiresi a ana, mtengo ndimaika wanga. Munthu akagula, amalipira ine. Ine ndimapita kwa sapulaya, wogulitsa wamkulu wa kutsidya la nyanja, ndimalipira mtengo wake wotsika, ndimamupatsa adiresi ya kasitomala. Iyeyo ndiye amatumiza. Ine katundu sindimugwira n'komwe. Chotsala pakatipo n'changa."

"Ndiye ukugulitsa chinthu chimene ulibe, kwa munthu amene sukumudziwa, chochokera kwa munthu amene sunamuonepo."

"Eya."

"Mwanawe, nthawi yathu amenewo tinkawathamangitsa ndi miyala."

Anaseka mpaka anapukuta misozi ndi kansalu ka layiningi. Si kuba, ndipo ndivomere, anthu ena amadyadi nazo. Koma wa mano uja ndalama zake ankazipeza pogulitsa maphunziro a malondawo, ndipo Wotchi anali atalipira kale.

Masamu a wa mano anali okoma ngati uchi: gula pa 50, gulitsa pa 100, theka ndi lako. Masamu enieni ndinawaona mwezi wachiwiri, Wotchi atawalemba ndi choko chake cha telala pa tebulo lodulira nsalu. Pa 100 iliyonse imene kasitomala walipira, 38 inkapita kwa sapulaya, 12 kwa onyamula katundu. Mpaka apo wa mano sananame. Koma shopu ya pa intaneti ili ngati shopu yomangidwa pakati pa nkhalango: palibe amene amadutsa mwangozi. Kuti anthu aione umalipira otsatsa malonda, ndipo amenewo amadya ngakhale munthu angosuzumira n'kutuluka. Anthu zana ankalowa, wogula mmodzi, mwina awiri tsiku la mwayi. Pogawa, diresi lililonse logulidwa linkadya 30 ya kutsatsa. Kampani yolandirira ndalama za pa khadi inkadula 4. Lendi ya shopuyo pamwezi, pogawa, 3.

"Yatsala 13," anatero Wotchi.

"Theka lija lafota bwanji? Walichapa ndi madzi otentha?"

"Khumi ndi zitatu si zero, amalume."

Zoona, si zero. Koma panali mayi wina amene anadikira diresi mpaka phwando la mwana wake linadutsa, ndipo anafuna ndalama zake. Wotchi anabweza 100 yonse. Sapulaya sanabweze kanthu, chifukwa iye anatumiza. Otsatsa sadziwa n'komwe mawu oti kubweza. Diresi limodzi limenelo linameza phindu la madiresi pafupifupi asanu ndi awiri. Wotchi anafufuta choko ndi chigongono n'kunena kuti ndi sukulu, aliyense amalipira fizi.

Apa m'pamene nzeru inamubwerera, ndipo ndikuuzeni, inali nzeru yooneka bwino. Ngati chimene chikudya phindu ndi kutsatsa, bwanji osagulitsa kwa anthu amene akukudziwa kale? Nyengo ya madiresi achikasu inali itayandikira. Kwa sapulaya anapezako diresi lachikasu la malesi m'khosi ndi riboni kumbuyo, lokongola moti ine ndemwe ndinafunsa ngati lilipo la saizi yanga. Mtengo wake kwa makolo unali wotsika kuposa losoka iye. Ndipo popanda otsatsa, phindu linali 43 m'malo mwa 13.

Mayi Aphunzitsi anabwera okha kushopu, ndi ambulera yawo imene imayenda nawo ngakhale kumwamba kulibe kamtambo.

"Koma mwana wanga, lidzakhala ngati la pa chithunzili?"

"Ndaona msoko wake, amayi. Taonani mpenderowu. Ameneyu ndi telala wodziwa."

"Walikhudza?"

"Chithunzi chikuonetsa zonse."

"Nanga tsiku? Ana akuvina Loweruka lomaliza la mwezi wa mawa."

"Kwatsala milungu isanu ndi umodzi. Iwo alemba kuti masiku 7 mpaka 15. Lachisanu la sabata yachitatu mwana aliyense adzakhala ali nalo kwawo."

Mayi Aphunzitsi anatembenukira kwa ine. "Achimwene, mwamva?"

"Ndamva. Wanena ndi Wotchi."

Ndi pamenepo pamene panali cholakwa, ndipo ndi telala wabwino yekha amene akanachichita. A Bweranimawa sakanatchula tsiku. Wotchi anatchula, monga ankachitira moyo wake wonse, kuiwala kuti kale tsikulo linkakhala pansi pa mapazi ake. Ntchito ikathina ankangopalasa mofulumira. Tsopano tsiku linali m'manja mwa anthu amene sadziwa kuti kunja kuno kuli Loweruka lomaliza la mwezi. Ndipo diresi limodzi loyesera, loti aligule yekha, alitembenuze, alikoke, sanaitanitse. Ankakhulupirira diso lake. Diso lake linali labwinodi, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Makolo makumi awiri analipira pa shopu ya pa intaneti m'sabata imodzi. Foni inkangolira ngati mwana wa mbuzi. Wotchi anandigulira nsapato, zoyamba zatsopano chipumireni ntchito, ndipo ndinayenda nazo msewu wonse ndikuponda ngati nduna.

M'mawa mwake ndalama zinakana kutuluka. Kampani yolandirira ndalama ija inalemba kuti yazigwira kaye. Shopu yatsopano, maoda ochuluka mwadzidzidzi, komanso makasitomala awiri akale anali atadandaula kumabanki awo kuti katundu sanafike. Kwa kampaniyo zimenezo ndi fungo la wakuba. Inati idzamasula ikaona umboni woti katundu wafika kwa eni ake. Sapulaya naye anati satumiza asanalipidwe. Ndalama zikudikira katundu, katundu akudikira ndalama, Wotchi ali pakati ngati munthu wogwira zitseko ziwiri za basi yoyenda.

Ine ndinapereka zimene ndinali nazo, koma penshoni yanga ngakhale mbewa imaiyang'ana n'kupukusa mutu. Nsapato zija wogulitsa anakana kuzilandiranso. Lolemba ndinapeza anyamata awiri onyamula katundu akutulutsa makina akuda aja, a Bweranimawa akuwalondolera ngati akutulutsa mkwatibwi.

"Wotchi, n'chiyani ichi?"

"N'kwa kanthawi, amalume. Ndalama zikamasulidwa ndidzawaombola."

"Kugula n'kugula, mayi," anatero a Bweranimawa, osati mwankhanza, koma kuti pasadzakhale mlandu. "Koma mukadzabwera ndi mtengo wabwino tidzakambirana."

Pansi panatsala mabowo anayi pamene miyendo ya makina inadya simenti kwa zaka zonse zija. Wotchi anaikapo mpando kuti asawaone. Madzulo omwewo analipira sapulaya madiresi onse makumi awiri.

Tsopano tinayamba kuphunzira chimene masiku 7 mpaka 15 amatanthauza. Choyamba, kuwerenga kumayamba katundu akachoka, osati ukalipira. Sabata yathunthu inatha akuti akukonza oda. Kenaka sapulaya analemba mwaulemu kwambiri, kumutcha Wotchi bwenzi lokondedwa, kuti achikasu atsala asanu ndi atatu okha, chifukwa si Wotchi yekha amene ankagulitsa chithunzi chimenecho. Ena akusokedwa, bwenzi lokondedwa lisadandaule. Anatumiza manambala olondolera katundu, makumi awiri onse, ndipo Wotchi anawapereka kwa makolo mokondwa. Sitinkadziwa kuti nambala imabadwa pamene asindikiza kapepala komata, ngakhale phukusi lisanalowemo kanthu. Manambala khumi ndi awiri anangokhala pamalo amodzi ngati ine pa benchi.

Asanu ndi atatu aja anayenda, koma aliyense njira yake. Wina anakwera ndege. Wina anakagona kumalo ochitira kasitomu, kudikira oyang'ana katundu wolowa m'dziko. Wina ndikukhulupirira anakwatira m'njira n'kumanga banja, chifukwa mpaka lero sanafike.

Lachisanu lolonjezedwa lija linakwana, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire, linadutsa Wotchi ali chimanjamanja.

Makolo anayamba kubwera. Shopu ya pa intaneti ilibe chitseko, koma iyi inali nacho, ndipo onse ankachidziwa. Bambo wina woyendetsa thiraki anaima pakhomo n'kutseka dzuwa lonse.

"Mayi, mwana wanga akundifunsa tsiku lililonse. Ndimuuze chiyani?"

"Lili m'njira, bambo. Taonani pa foni, alemba kuti lili m'njira."

"Njira yake iti? Ine misewu ndimaidziwa yonse, ndikalitenge ndekha."

Ndinayesa kuseketsa. Ndinati diresilo likubwera wapansi ndipo laima kaye kuti limwe madzi. Palibe anaseka, ngakhale wometa amene amaseka maliro omwe.

Atachoka ndinati, "Mwanawe, pita ukawauze Mayi Aphunzitsi lero. Nthawi ikadalipo yoti apeze njira ina."

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti Wotchi wanama? Afika, amalume. Sapulaya walemba kuti sabata ino."

Sapulaya ankalemba kuti sabata ino sabata iliyonse. Ndipo Wotchi, amene sananamizepo munthu, sankadziwa kamvekedwe ka bodza la telala mnzake.

Sabata yomaliza itayamba, mapukusi asanu ndi awiri anali atafika. Mayi wina anabwera nalo lake m'manja, mwana akumutsatira. Aka kanali koyamba Wotchi kukhudza chinthu chimene anagulitsa. Analitulutsa m'pulasitiki, n'kulitembenuza kunja m'kati monga amachitira telala aliyense. Ndinaona zala zake zikuima. Msoko unali umodzi, wosapenderedwa, ulusi ukulendewera. Nsalu inali yopyapyala moti ukanawerenga nyuzi kudzera m'menemo. Malesi anali omata ndi guluu. Anatenga tepi m'khosi mwake n'kuyeza pachifuwa, kenaka anayeza mwanayo. Pa kapepala ka diresilo panalembedwa zaka zisanu, koma mwana wa zaka zisanu wa kumeneko ayenera kuti amagona m'bokosi la machesi.

"Ndilikulitsa," anatero Wotchi, n'kutembenukira kumene kunkakhala makina. Panali mpando.

Anawoloka msewu, ine pambuyo. A Bweranimawa anali pa makina a mlongo wanga, atazunguliridwa ndi mulu wa mayunifolomu a alonda.

"Bambo, ndibwerekeni masiku awiri okha. Ndilipira."

"Mayi, mukuona nokha. Eni akewa akufuna Lachisanu, ndipo ndinawalonjeza mwezi watha." Anakanda m'mutu, akuoneka kuti akumvadi chisoni. Kenaka pakamwa panatuluka zimene pamatuluka nthawi zonse. "Bwerani mawa, tione."

Ngakhale akanamubwereka, ndalama ya nsalu ya madiresi khumi ndi atatu akanaitenga kuti? Makolo anayi anali atapita kale kumabanki awo. Banki ikabweza ndalama mwa njira imeneyo imatenga 100 yonse, n'kuwonjezera chindapusa, ndipo kampani ija inamanga mfundo yachiwiri pa ndalama zotsala. Wotchi anakhala pansi ndi singano ya pamanja. Anaphwasula riboni ya kumbuyo n'kuiika m'mbali kuti madiresi atatu mwa ang'onoang'ono amene anafika aja akule. Ntchito inali yaukhondo, ngati kuti kudzabwera woyendera. Koma atatu si makumi awiri.

Kwa Mayi Aphunzitsi anapita Lachinayi.

Loweruka ndinavala nsapato zija n'kumuperekeza, chifukwa anati sangabisale. Holo inali yodzaza, mipando ya pulasitiki, mabaluni, makolo atakweza mafoni m'mwamba. Mayi Aphunzitsi anali atalamula kuti popeza onse sangavale zachikasu, onse avine ndi yunifolomu ya masiku onse. Koma amayi atatu anakana, anati tinalipira, n'kuwaveka ana awo. Ndiye pabwalo panatuluka atsikana khumi ndi asanu ndi awiri a yunifolomu yotuwa ya Lolemba, ndi atatu achikasu, chikasu chakenso chamitundu iwiri, wina ngati dzira, wina ngati mpiru, chifukwa nsalu sinali ya mpukutu umodzi. Nyimbo itayamba, kamtsikana ka woyendetsa thiraki kanayang'ana anzake achikasu aja, kanayang'ana yunifolomu yake ya chigamba pa thumba, n'kukhala pansi pakati pa bwalo. Sikanalire mokweza. Kanangophimba nkhope ndi siketi. Bambo ake, chimunthu chotseka dzuwa chija, anakwera pabwalo n'kukanyamula, foni ikujambulabe denga.

Ine ndili ndi nthabwala ya chilichonse. Ndinafufuza m'matumba onse, sindinapeze.

Anthu atabalalika, Mayi Aphunzitsi anatipeza kuseri, pafupi ndi mpopi. Ndinkayembekezera ambulera ija kugwira ntchito, ndipo bwenzi zili bwino ikanatero. Iwo anangomukonza Wotchi kolala.

"Amayi ako anachedwapo kamodzi, chaka chimene unadwala chikuku. Anabwera kudakali milungu itatu, anati sindikwanitsa, tipeze nzeru. Tinagawana nsalu ndi atelala awiri, ana anavina." Anachotsa dzanja pa kolala. "Kuchedwa si mlandu, mwana wanga. Koma unandisiya ndikuuza makolo kuti wanena ndi Wotchi, iwe ukudziwa kuti tsikulo silili m'manja mwako."

"Ndinkayesa afika, amayi."

"Ndikudziwa. Chaka chamawa usadzavutike."

Madiresi khumi ndi awiri aja anafika mwezi wotsatira, limodzilimodzi, kumakomo a anthu amene anali atabwezeredwa kale ndalama. Ena anawabweretsa kushopu, ena ayi, ndipo sindiwadzudzula. Sapulaya anati bwenzi lokondedwa likhoza kuwabweza, likalipira lokha ulendo, ndipo ulendowo unali wodula kuposa diresi. Kampani ija inamasula zotsala patapita miyezi, itachotsa zake zonse. Zimene zinatuluka zinakwana lendi ya kashopu kaja imene inatsalira ndi loko watsopano amene mwini nyumba anakhoma pachitseko. Makina sanaomboledwe. Mu shopu muja tsopano muli wogulitsa makava a mafoni, ndipo mabowo anayi aja anawathira simenti.

Wotchi amasoka kwa a Bweranimawa, amalipidwa pa chovala. Amakhala pa makina a amayi ake omwewo, phazi lake pa chitsulo chosalala chija. Benchi yanga ndinaisamutsira tsidya limenelo, ndipo mphepo ya kumeneko ndi yamwano kuposa ya kwathu kuja. Ntchito ya Wotchi ikadali yoti ukaitembenuza sudziwa kunja ndi kuti. Amamalizabe tsiku lisanafike. A Bweranimawa anenepa, makasitomala awachulukira, ndipo akuganiza kuti ndi mapemphero.

Sabata yatha kunabwera mtsikana ndi nsalu ya buluu, akuti ya chinkhoswe cha mkulu wake. Wotchi anamuyeza, analemba, anapinda nsalu.

"Ndidzatenge liti, anti?"

Ndinaona milomo yake ikukonzeka kunena Lachisanu. Ndinaliona ndithu tsikulo litaima pa lilime.

"Muzidzayang'ana," anatero. "Mukadutsa, muzidzasuzumira."

Mtsikanayo atapita ndinati, "Iwe Wotchi, diresi limenelo ulimaliza mawa masana, ine ndikudziwa, iwenso ukudziwa. Bwanji osamuuza mwana wa eni ake?"

Anaika ulusi wa buluu mu bobini, anautsekera, anakoka nsalu pansi pa singano.

"Amalume, dzina lija mulisiye."

"Ndikuitane kuti chiyani nanga? La pa satifiketi ndinaliiwala iwe usanamere mano."

"Mungoti mwanawe. Ndimva."

Anapalasa makina. Ine ndinayang'ana kumsewu, ndipo wometa uja atawoloka n'kundifunsa chimene chandilowa m'maso, ndinamuuza kuti ndi njovu.